Aneba akadandaula kuti nyumba yatalika ndipo mazenera adzawasuzumira: kalembedwe ka kalata yoyankha

Mapulani a nyumba yosanja aperekedwa ku khonsolo, ndipo pasanathe masabata awiri kwabwera kalata ya masamba atatu kuchokera kwa mayi okhala kuseri kwa mpanda. Akuti nyumbayo ndi yaitali mopitirira muyezo, idzawatchingira kuwala, ndipo anthu a m'mwamba azidzawaona ali kuchipinda kwawo. Mwini nyumba wapsa mtima, akufuna inu amene munajambula mapulani muyankhe lero lomwe ndi kuwauza mayiwo kuti akunama. Musayankhe lero. Kalata imene mulembeyi ili ndi oiwerenga awiri: mayi odandaulawo, ndi wogwira ntchito ku khonsolo amene adzaiike pambali pa dandaulo n'kuona kuti pa awiriwa wanena zoyezeka ndani. Wachiwiriyu satengeka ndi mawu okoma. Amafuna manambala ndi zojambula.

Tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongoyerekezera, koma mawerengedwe ake ndi enieni, mukhoza kuwabwereza pa ntchito yanu.

Yambani ndi kupatula madandaulo

Tengani cholembera, muwerenge kalata ya aneba kawiri, ndipo paliponse pamene pali dandaulo lapalokha muikepo nambala. Anthu akakhumudwa amaphatikiza zinthu m'chiganizo chimodzi. Mawu akuti "nyumbayi ndi yaitali kwambiri" angatanthauze zinthu zitatu zosiyana: kuti chipinda chawo chidzachita mdima, kuti dzuwa silidzafikanso pabwalo, kapena kuti khomalo lidzangowaima pamaso ngati phiri. Chilichonse chili ndi muyezo wakewake, ndipo mukayankha chimodzi pamene iwo amatanthauza china, adzalembanso kalata ina yaukali kuposa yoyamba.

M'chitsanzo chathu, titapatula, patsala zinayi: kuwala kwa pazenera la kuchipinda, kusuzumira kwa mazenera a m'mwamba, mthunzi wa pabwalo, ndiponso mantha akuti nyumba yawo idzatsika mtengo. Chachinayichi makhonsolo ambiri sachiwerengera poweruza mapulani. Komabe musachidumphe ngati simunachione. Chiganizo chimodzi chaulemu chikwanira, tichiona m'kalatamo.

Yezani kuchokera pabwalo la aneba

Apa ndi pamene makalata ambiri amagwera. Pa mapulani athu kutalika timakulemba kuyambira pa nthaka ya puloti imene tikumangapo. Aneba saima pa nthaka imeneyo. Amaima pa yawo, ndipo ngati malowo ndi otsetsereka, nyumba imene ife tikuti ndi mamita 8 kwa iwo ndi pafupifupi 9.

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Ndinalembera bambo wina kuti nsonga ya denga lathu idzaposa ya denga lawo ndi mita imodzi yokha, ndikuwerengera pa mapepala ali patebulo. Bamboyo anatenga chingwe ndi levulo, n'kuonetsa kuti bwalo lawo lili m'munsi mwa puloti yathu ndi pafupifupi mita yathunthu. Kuyambira tsiku limenelo palibe nambala yanga ina imene anaikhulupirira, ngakhale zimene zinali zoona.

Choncho musanalembe liwu, pezani zinthu izi: kusiyana kwa nthaka ya mbali ziwirizi, mtunda wochokera pa khoma latsopano kufika pa malire, wochokera pa malire kufika pa khoma la aneba, kutalika kwa mpanda, ndi pamene pali zenera lawo. Kusiyana kwa nthaka kuchokere kwa wopima malo, osati kwa maso anu. Kulowa pabwalo la aneba n'kopempha, ndipo kupemphako kumathandiza, chifukwa munthu amene wagwira mbali ina ya tepi yoyezera sakana msanga nambala imene waiwerenga yekha. Akakukanizani kulowa, yezani zimene mungathe muli mbali yanu, ndipo m'kalata munene poyera kuti nambala yakutiyakuti ndi yoyerekeza ndipo muli okonzeka kuikonza.

Za m'chitsanzo chathu zatuluka motere. Puloti yatsopano ili pamwamba ndi mamita 0.8. Khoma latsopano lili mamita 5 kuchokera pa malire, khoma la mayiwo lili mamita 7 kuchokera pa malire omwewo, ndiye pakati pa makoma awiriwa pali mamita 12. Khoma lathu likuthera pa mamita 5.4 pamene likukumana ndi denga, ndipo nsonga ya denga ili pa mamita 8.1, koma ili mamita 4 kumbuyo kwa khomalo. Pakati pa zenera la mayiwo pali pa mamita 1.6 kuchokera pa nthaka yawo.

Jambulani pulani yodula nyumba zonse ziwiri

Chojambula chimene chimathetsa mkangano wa kutalika ndi chimodzi: chodula pakati, choonetsa nyumba yatsopano, mpanda, kutsetsereka kwa nthaka ndi nyumba ya aneba pa pepala limodzi, pa sikelo imodzi. Zithunzi zokongola zoonetsa nyumba ili pakati pa mitengo ndi mitambo zisiyeni. Aneba amaziona ngati zotsatsira malonda, ndipo salakwa.

Pa chojambulacho kokani mzere wochokera pakati pa zenera la aneba, wokwera madigiri 25 kuchokera pa mzere wopingasa. Muyezo umenewu unatchuka kwambiri ku Britain, ndipo ganizo lake ndi losavuta: ngati nyumba yatsopano yonse ili pansi pa mzerewo, kawirikawiri kuwala kolowa pazenera sikuchepa moti n'kudetsa nkhawa. Ikapyola mzerewo sindiye kuti yalephera, koma pafunika kuwerengera kozama. Musanaugwiritse ntchito onani kaye malamulo a khonsolo yanu, chifukwa kwina amatchula muyezo wina, ndipo wawowo ndi umene umalamula.

Tiwerengere. Pothera khoma pali pa 5.4, tionjezere 0.8 wa kutsetsereka, tichotse 1.6 wa zenera: patsala mamita 4.6 pamwamba pa pakati pa zenera, pa mtunda wa mamita 12. Tikagawa 4.6 ndi 12 tipeza 0.38, amene pa tebulo la tanjenti ndi madigiri 21. Nsonga ya denga: 8.1 kuonjezera 0.8 kuchotsa 1.6, apo ndi 7.3, pa mtunda wa mamita 16. Kugawa kutipatsa 0.46, pafupifupi madigiri 24.5. Nambala yofanana ndi madigiri 25 ndi 0.466, ndiye tapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Taonani zinthu ziwiri. Choyamba, chimene chayandikira malire ndi nsonga ya denga, ngakhale ili kutali kuposa khoma, choncho yesani malo onse awiri nthawi zonse. Chachiwiri, tikanaiwala kutsetsereka tikanapeza madigiri 22, n'kumadzitama pachabe.

Theka la digiri si malo oti munthu n'kutsamirapo. Omanga akakweza maziko ndi njerwa ziwiri zokha, lonjezo lanu lasanduka bodza. Apa ndi pamene ndimapita kwa mwini nyumba n'kumupempha kuti tichepetse kupendekeka kwa denga, nsonga itsike kuchoka pa 8.1 kufika pa 7.5. Zipinda sizisintha, chotayika ndi mpata wa pamwamba pa siling'i basi. Mawerengedwe atsopano ndi 6.7 kugawa ndi 16, amene ndi 0.42, pafupifupi madigiri 23. Ingotsimikizani kuti chofolera chimene munasankha chikulola kupendekeka kochepako, chifukwa matailosi ena salola kugona kwambiri, amadontha.

Pa kusuzumira, imani pamene padzaime munthu wa m'mwamba

Kutalika kumayezedwa kuchokera pazenera la aneba kuyang'ana kwa ife. Kusuzumira kumayezedwa mobwerera, kuchokera pa diso la munthu woima m'chipinda chathu cha m'mwamba. Pansi pa chipindacho pali pa mamita 2.9, diso la munthu woimirira tiliike pa 1.6, kuonjezera 0.8 uja. Diso lili mamita 5.3 pamwamba pa bwalo la mayiwo.

Eni nyumba amakonda kunena kuti "koma pali mpanda". Tiuyese mpandawo. Nsonga yake ili mamita 1.8 pamwamba pa nthaka ya aneba, ndipo uli mamita 5 kuchokera pazenera lathu. Mzere wa maso wodutsa pa nsonga ya mpanda ukutsika mamita 3.5 pa mamita 5 amenewo, kutanthauza 0.7 pa mita iliyonse. Kuti utsike 1.8 wotsalayo ukagunde pansi pakufunika mamita 2.6 okha. Ndiye pa bwalo la mamita 7, mpanda ukubisa kachigawo kosakwana mamita atatu, ndipo munthu woimirira akangochoka pa mpanda phazi limodzi, mutu wake waoneka. Zenera la kuchipinda kwa mayiwo lili poyera. Mayiwo akunena zoona.

Makhonsolo ambiri a ku Britain amafuna mamita pafupifupi 21 pakati pa mazenera oyang'anizana a zipinda zokhalamo anthu. Kwina nambala ndi ina, koma mamita 12 ndi ochepa pa zenera la m'mwamba loyang'ana kuchipinda kwa munthu, ndipo kulimbana nazo n'kutaya nthawi. Chofunika ndi kukonza.

Khoma lathu loyang'ana kwa aneba lili ndi mazenera atatu m'mwamba, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. La kubafa n'losavuta: galasi losaonekera mkati, ndipo mbali yonse ya pansi pa mamita 1.7 kuchokera popondapo ikhale yosatseguka. Kusatsegukako n'kofunika, popeza galasi losaonekera likatsegulidwa ntchito yake yatha. La pa masitepe tilikweze, m'munsi mwake muyambire pa 1.7, kuwala kuzilowa koma munthu aziona thambo lokha. Chenjerani poyeza: muyeze kuchokera pamene munthu angaime pamwamba kwambiri pafupi ndi zeneralo, osati pa sitepe ya m'munsi.

La kuchipinda chogona ndiye lovuta. Ena amangoikapo galasi losaonekera n'kuti nkhani yatha. Ine njira imeneyo ndimaikana. Munthu sangagone zaka m'chipinda chimene sangaone kunja, tsiku lina adzaitana woika magalasi n'kusintha, mkangano n'kuyambiranso inu mutachoka. Komanso zenera la chipinda chogona limafunika polowetsa mpweya, ndipo m'malamulo ena ndi pothawira moto. Njira yokhalitsa ndi kulisamutsira ku khoma la m'mbali, loyang'ana kumsewu. M'chitsanzo chathu zatheka posuntha kabati ya zovala.

Mitengo musaiwerengere. Imadulidwa, imauma, ina imayoyola masamba, ndipo imene mubzale lero idzafika pa msinkhu wofunikawo patapita zaka. Makatani nawonso si yankho, makamaka kuuza aneba kuti iwo ndiwo aike makatani. Chiganizo chimenecho chokha chikhoza kukubweretserani madandaulo a nyumba zina zisanu.

Mwini nyumba avomere musanalonjeze

Inu mukulemba m'malo mwa mwini nyumba. Chilichonse chimene mulonjeze, achivomere polemba, ndipo chijambulidwe pa mapulani okonzedwanso, okhala ndi nambala ndi tsiku, operekedwa ku khonsolo. Lonjezo la m'kalata lokha silimanga aliyense. Chimene omanga amatsatira, ndiponso chimene khonsolo ingadzaumirize, ndi pulani yovomerezedwa ndi zofunika zimene zalembedwa pa chilolezo. N'chifukwa chake ndi bwino kunena m'kalata kuti mwini nyumba sakukana kuti za mazenerazo zilembedwe pa chilolezo. Mawu amenewo amalemera kuposa malumbiro khumi.

Tsopano lembani

Masamba awiri akwanira, zojambula zikhale zomatidwa kumbuyo. Tsatirani ndondomeko ya madandaulo monga anawalembera aneba, kuti aone kuti mwawerengadi. Pa dandaulo lililonse nenani zimene iwo anena m'mawu osawapeputsa, kenako nambala, kenako chimene chasintha kapena chifukwa chake sichisintha. Ndipo pamene akunena zoona, vomerani m'chiganizo choyamba, musabise kuvomerako pakati pa ndime. Pamwamba lembani tsiku, nambala ya pempho la ku khonsolo ndi malo a puloti. Kalata ya chitsanzo chathu ingamveke chonchi:

*Okondedwa mayi,*

*Ndine amene ndinajambula mapulani a nyumba imene ikufuna kumangidwa kuseri kwa mpanda wanu, ndipo ndikulemba m'malo mwa eni ake. Ndawerenga kalata imene munatumiza ku khonsolo. Zikomonso potilola kuyeza pabwalo panu. Manambala ali m'munsiwa ndi omwe aja tinayezera limodzi.*

*Pa za mazenera a m'mwamba, mukunena zoona. Monga mapulani oyamba analili, munthu woima kuchipinda cha m'mwamba akanaona bwalo lanu ndi zenera lanu la kuchipinda, ndipo mpanda sukanatchinga. Tasintha zinthu zitatu. Zenera la chipinda chogona talichotsa pa khoma loyang'ana kwa inu, tsopano likuyang'ana kumsewu. La pa masitepe likuyambira pa mamita 1.7 kuchokera popondapo. La kubafa lidzakhala la galasi losaonekera mkati, losatseguka pansi pa mamita 1.7. Zonsezi zili pa chojambula nambala 04B. Eni nyumba avomera kuti khonsolo izilembe pa chilolezo.*

*Pa za kutalika, puloti yathu ili pamwamba pa bwalo lanu ndi mamita 0.8, ndipo tawerengera zimenezo. Tatsitsa nsonga ya denga kuchoka pa mamita 8.1 kufika pa 7.5, kutanthauza mamita 8.3 mukayeza kuchokera pabwalo panu. Chojambula nambala 07A chikuonetsa nyumba zonse ziwiri pamodzi. Kuchokera pakati pa zenera lanu, nsonga ya denga ili pa madigiri pafupifupi 23, pansi pa mzere wa madigiri 25 umene tajambulapo. Sindinganene kuti simudzaona kusintha. Pamene lero mukuona thambo mudzaona khoma ndi denga, ndipo nyumbayi ikhalabe yosanja. Chimene muyezowu ukusonyeza n'chakuti chipinda chanu chidzalandirabe kuwala kokwanira.*

*Pa za mthunzi, nyumbayi ili kum'mawa kwa yanu, choncho mthunzi wake udzagwera pabwalo panu m'mawa dzuwa likadali m'munsi, ndipo udzakhala utachoka masana asanafike. Chojambula nambala 08 chikuonetsa pamene udzafike pa 8 koloko, 10 koloko ndi 12 koloko pa 21 Malichi.*

*Za mtengo wa nyumba yanu ndamva nkhawa yanu, koma si nkhani imene ine ndingaiyeze, ndipo sindikufuna kukulonjezani chimene sindingachitsimikize.*

*Ngati mungafune, ndibwera ndi mapulani tidzaonere limodzi pabwalo panu. Kalata yomweyi ndatumizanso ku khonsolo, ndipo ufulu wanu wopitiriza kudandaula kumeneko sukuchepa chifukwa cha kalata ino.*

*Ndine wanu,*
*wojambula mapulani*

Muone kuti kalatayi yayamba ndi kusuzumira ngakhale ife tinayamba kuwerengera kutalika. N'chifukwa choti mayiwo ndi chimene anayamba nacho, ndipo ndi chimene chikuwasowetsa tulo. Tsiku la 21 Malichi limasankhidwa chifukwa usana ndi usiku zimakhala pafupifupi zofanana, ndiye mthunzi wake ndi wapakatikati. Ngati aneba akudera nkhawa nyengo imene dzuwa limayenda m'munsi kwambiri, onjezani chojambula cha nyengo imeneyo, musadikire kuti achite kupempha kawiri.

Mawu oyenera kufufuta musanatumize

Werenganinso kalata yanu mukusaka mawu akuti "palibe vuto lililonse", "sizidzakukhudzani konse" ndi ena otere. Nyumba yosanja ikamangidwa pamene panali udzu, vuto laling'ono limakhalapo ndithu, ndipo wa ku khonsolo akaona mukukana zoonekeratu amayamba kukayikira ndi zinazo. Fufutaninso paliponse pamene mwanena za khalidwe la aneba, monga kuti iwonso anamanga chipinda popanda chilolezo kapena kuti ndi nsanje chabe. Mwini nyumba adzakukakamizani kuti muziikemo. Muuzeni kuti m'malo ambiri makalata otere amasungidwa m'failo imene anthu ena angaiwerenge, ndipo iye ndi mayiwo adzakhala moyandikana inu mutalandira malipiro anu kalekale.

Mawu a ntchito yathu amasulireni. Mukalemba "madigiri 25" osafotokoza kuti mzerewo ukuchokera pati, aneba amaona ngati mukuwaphimba m'maso. Njira yabwino yoyesera ndi kupatsa kalatayo munthu wosadziwa za mapulani, pamodzi ndi chojambula chodula chija, n'kumufunsa kuti aloze pa pepala nambala iliyonse imene yatchulidwa. Akasowa ina, ndiye kuti chojambula chikuperewera kapena nambalayo ndi yosafunika.

Pomaliza, fananizani manambala a m'kalata ndi a pa mapulani mmodzimmodzi. Cholakwa chofala n'chakuti kalata ikunena 7.5 pamene pepala lina m'gulu lomwelo likadali ndi 8.1, chifukwa munakonza chojambula chodula n'kuiwala cha kutsogolo kwa nyumba. Khonsolo ikadinda gulu lotero, womanga adzatsatira pepala limene lili m'manja mwake. Tumizani kalata ndi mapulani okonzedwa tsiku limodzi, kwa aneba ndi ku khonsolo, nthawi yolandira madandaulo isanathe kapena chigamulo chisanaperekedwe, ndipo sungani umboni wa tsiku lotumizira. Ntchito yomanga ikayamba, pemphani wopima malo abwerenso maziko akangotha, atsimikize kuti pansi pa nyumba pali pa msinkhu umene unalembedwa, khoma lisanakwere.